NPS yathu yatsika kuchoka pa +40 kufika pa +22: kodi olakwa ndi amisiri?

MlembiWaLuchenza
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha amene amadziwa za kafukufuku wa makasitomala andithandize kuwerenga nambala izi Lachisanu lisanafike. Kampani yathu imaika ndi kukonza masola m'nyumba ndi m'magolosale, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Muloza. Miyezi itatu iliyonse timafunsa makasitomala kuti, kuyambira pa 0 mpaka pa 10, angamulimbikitse motani m'bale kapena mnzawo kubwera kwa ife.

Mu Epulo anayankha anthu 60. Amene anapereka 9 kapena 10, omwe fomu imawatcha mapromota, analipo 33. A 7 ndi 8 analipo 18, ndipo a 6 kutsika m'munsi analipo 9. NPS, imene timaipeza pochotsa a 6 kutsika m'munsi pa a 9 ndi 10 n'kuwerenga pa anthu 100 alionse oyankha, inali +40. Mu Julayi ayankha 50: a 9 ndi 10 alipo 22, apakati 17, am'munsi 11. NPS yafika pa +22.

Chondizunguza mutu n'chakuti pa fomu yomweyo pali funso lina lakuti "Kodi mwakhutira ndi mmene mmisiri wagwirira ntchito?" loyankha kuyambira 1 mpaka 5, ndipo anthu 42 mwa 50 aja apereka 4 kapena 5. Ndiye kuti 84 pa 100 alionse akhutira. Abwana akuti amisiri ayamba kutayirira ndipo bonasi yawo idulidwe. Kodi nambalazi zikunenadi zimenezo?

KabazaWaNkando
Ngati mapromota achepa kuchoka pa 33 kufika pa 22, lembani ena ntchito achemwali. Anyamata alipo ambiri pa Nkando oti akhoza kumazungulira ndi timapepala tsiku la msika.

MlembiWaLuchenza
Ayi achimwene, si anthu otsatsa malonda. Ndi makasitomala amene atipatsa 9 kapena 10.

WakuBvumbwe
Ine NPS sindiikhulupirira. Imataya anthu onse a 7 ndi 8 ngati kuti sanayankhe. Ingophatikizani mamalikisi onse mugawe ndi chiwerengero cha anthu, mupeze avereji. Imeneyo ndiyo yoona.

MayiWaMasamu
A WakuBvumbwe, a 7 ndi 8 satayidwa. Sawerengedwa pamwamba pochotsera, koma ali m'gulu la anthu amene timagawa nawo. Mu Julayi ndi 22 kuchotsa 11, kutsala 11, kugawa ndi 50, osati ndi 33. Apakatiwo akachuluka, NPS imayandikira ku 0. Koma pali pamene mwalasa: NPS imasonkhanitsa manambala 11 a 0 mpaka 10 m'magulu atatu okha, moti munthu wa 6 ndi munthu wa 0 amaoneka ofanana, pamene wa 6 mwina angobweranso mawa, wa 0 akuuza mudzi wonse kuti asatiyandikire. Komanso nambala imodzimodziyo imachokera ku zinthu zosiyana. Mwa anthu 100, mukakhala ndi 40 oyamikira, 60 apakati, wodandaula palibe, NPS ndi +40. Mukakhala ndi 70 oyamikira ndi 30 odandaula, NPS ndi +40 yomweyo. Kampani yachiwiriyi ili pamoto ngakhale nambala ikufanana. N'chifukwa chake mwachita bwino achemwali kulemba magulu onse atatu.

Tsopano pa funso lenileni. Tisanafunse chifukwa chimene yatsikira, tiyambe taona ngati yatsikadi. Wogula nandolo akapisa dzanja m'thumba kuti aone ngati muli zofumbwa, dzanja loyamba ndi lachiwiri silituluka ndi zofanana, ngakhale thumba ndi lomwelo. Anthu 50 ndi dzanja limodzi. Mwa anthu 50, munthu mmodzi akachoka pa 9 kupita pa 8, NPS imatsika ndi 2. Akachoka pa 9 kupita pa 6 imatsika ndi 4.

Pali njira yoyezera kuti nambala ingagwedere motani chifukwa cha mwayi chabe. Mu Excel, p ndi gawo la oyamikira, d ndi gawo la odandaula, n ndi anthu onse oyankha:

```
=1.96*SQRT((p+d-(p-d)^2)/n)*100
```

Pa Epulo p ndi 0.55, d ndi 0.15, n ndi 60, ndipo yankho ndi pafupifupi 19. Kutanthauza kuti +40 ija ikhoza kukhala paliponse kuyambira +21 mpaka +59. Pa Julayi p ndi 0.44, d ndi 0.22, n ndi 50, yankho ndi pafupifupi 22, choncho +22 ija ili pakati pa 0 ndi +44. Kuti tinene molimba mtima kuti maulendo awiriwa akusiyana, kusiyanako kumayenera kufika pa 29 kapena kuposa. Kwanu ndi 18. Sindikuti ntchito sinatsike. Ndikuti nambala ziwirizi pazokha sizingakhale umboni wodulira munthu ndalama.

WakuBvumbwe
Ndiye mukuti 18 yonseyo ndi mphepo chabe? Zimenezo abwana aliyense sangazimve.

MayiWaMasamu
Ikhoza kukhala mphepo, ikhoza kukhala yeniyeni, anthu 50 sangatisiyanitsire. Kuti nambala izigwedera ndi 10 yekha mbali zonse pamafunika mayankho pafupifupi 230. Kuti izigwedera ndi 5 pamafunika oposa 900. Kampani ya m'boma limodzi kapena awiri siingawapeze pa miyezi itatu, ndiye njira yake ndi kuphatikiza mayankho a miyezi 12 yapitayo nthawi iliyonse mukamawerenga, osati kuthamanga ndi kotala imodzi.

Sapitwa3002
Achemwali a ku Luchenza, musanapite patali ndi masamu ndiyankheni zitatu izi. Mafunsowo anafika bwanji kwa kasitomala mu Epulo, nanga mu Julayi? Munagwira ntchito zingati pa nthawi iliyonse? Ndipo mwa oyankhawo, angati anali oikiridwa sola yatsopano, angati anali okonzeredwa yowonongeka?

MlembiWaLuchenza
Mu Epulo mmisiri ankapereka pepala akangomaliza ntchito, kasitomala n'kulemba pomwepo. Kuyambira mu Meyi tinasiya mapepala, tikutumiza linki pa WhatsApp pakatha sabata. Ntchito zinali 150 ulendo woyamba, 200 ulendo wachiwiri. Zachitatuzo ndikufufuza m'makadi a ntchito, ndibweranso.

Sapitwa3002
Pamenepo pokha pali nkhani yaikulu kuposa masamu aja. Mwasintha sikelo pakati pa ulendo, ndiye simungayerekeze kulemera kwa Epulo ndi kwa Julayi.

Taganizirani mmene pepala lija linkadzazidwira. Mmisiri watsika padenga thukuta lili kamukamu, babu layaka pabalaza, ana akuwomba m'manja, mwina amayi am'konzera kale tiyi. Ndiye akutulutsa pepala ndi cholembera, iye ali chiimire pakhomo pomwepo. Ndani kwathu kuno angalembe 4 mwini wake akuona? Ulemu sulola. Komanso pepala lili m'chikwama cha mmisiri, ndiye pakhomo pamene asiyana mokangana silituluka n'komwe. Si kuti amisiri ndi akuba, munthu aliyense angachite chimodzimodzi. Choncho +40 ya Epulo iyenera kuti inali yokwera kuposa zoona zake.

Linki ya pa WhatsApp ili ndi vuto lakelake. Imafuna foni yamakono ndi bandulo, ndiye agogo a ku Thekerani amene ali ndi kafoni ka mabatani atsala. Amene ayankha kwambiri ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi a m'maesiteti ndi eni mashopu. Ndipo pa ntchito yanuyi pali china: munthu amene sola yake yazimanso ndi amene foni yake ilibe moto. Wokwiya kwambiri uja mwina linki sanaione.

Onaninso kuti mu Epulo anayankha 60 mwa 150, amene ndi 40 pa 100 alionse. Mu Julayi 50 mwa 200, amene ndi 25 pa 100. Anthu 150 sanalankhule. Fomula ya MayiWaMasamu imagwira pamene oyankhawo atengedwa mwamaere. Apa anadzisankha okha, ndiye kugwedera kwenikweni n'kokulirapo kuposa 22 uja, ndipo palibe fomula yokuuzani kuti kwapendekera mbali iti.

MayiWaMasamu
Zoona a Sapitwa. Fomula ija imangopereka malire ochepetsetsa.

NanaziWaChitakale
Koma nanunso a masola, mwezi wa Juni ndi Julayi kuno dzuwa limaoneka? Chiperoni chikagwira masiku anayi, phiri osaoneka, batire imafika 8 koloko usiku yatha kale. Munthu akalandira linki tsiku limenelo apereka 3 ngakhale mmisiri sanalakwe kanthu.

KabazaWaNkando
Zoona zimenezo. Batire yake ikhale yanji kuti ipirire chiperoni? Ena akuti za lifiyamu ndiye zabwino.

MmisiriWaLimbuli
Ya lifiyamu imalola kuikama kwambiri kuposa ya asidi, imene siifuna kutsika kupitirira theka kawirikawiri. Koma dzuwa likasowa masiku angapo iliyonse imatha ngati mapanelo ndi ochepa. Vuto limayambira pogula: munthu amasankha sola yoyeza ndi dzuwa la Okutobala, kenako n'kuwonjezera wailesi yakanema ndi firiji.

MphunzitsiWopuma
Tibwerere ku funso la mwana wathuyu, za mabatire mutsegule nkhani ina. Komabe mawu a NanaziWaChitakale asatayidwe. Ngati nyengo imakhudza ntchito yanu, Julayi wa chaka chino ayerekezedwe ndi Julayi wa chaka chatha, osati ndi Epulo.

MlembiWaLuchenza
Ndabwera nazo za m'makadi.

Epulo, oikiridwa yatsopano 40: oyamikira 26, apakati 11, odandaula 3. Okonzeredwa 20: oyamikira 7, apakati 7, odandaula 6.

Julayi, oikiridwa yatsopano 15: oyamikira 10, apakati 4, wodandaula 1. Okonzeredwa 35: oyamikira 12, apakati 13, odandaula 10.

Sapitwa3002
Ndi zimene ndimaganizira. Werengani gulu lililonse palokha muone.

Oikiridwa yatsopano: mu Epulo 26 kuchotsa 3, kugawa ndi 40, ndi +58 tikazungulitsa. Mu Julayi 10 kuchotsa 1, kugawa ndi 15, ndi +60. Okonzeredwa: mu Epulo 7 kuchotsa 6, kugawa ndi 20, ndi +5. Mu Julayi 12 kuchotsa 10, kugawa ndi 35, ndi +6.

Palibe gulu limene latsika. Chimene chasintha ndi kasakanizidwe ka anthu. Mu Epulo awiri mwa atatu alionse anali oikiridwa yatsopano, anthu amene angoona kuwala m'nyumba mwawo. Mu Julayi 7 mwa 10 alionse ndi anthu amene anaitana chifukwa china chake chawonongeka, ndipo zikugwirizana ndi za chiperoni zija, chifukwa batire yofooka imaonekera nthawi imeneyi. Munthu wokonzeredwa amayamba ali wokhumudwa kale. Akachuluka m'gulu la oyankha, nambala ya onse imatsika ngakhale mmisiri aliyense agwire ntchito monga kale.

Mukafuna kuwaonetsa abwana mosavuta, tengani nambala za Julayi muziike pa kasakanizidwe ka Epulo. Magawo awiri mwa atatu a 60 ndi 40. Gawo limodzi mwa atatu la 6 ndi 2. Pamodzi +42. Ndiye akanayankha anthu a mitundu yofanana ndi a Epulo, NPS ikanakhala pomwe inali.

AkauntantiWaBoma
Ndikumva, koma musawatonthoze kwambiri. A MayiWaMasamu angotiuza kuti anthu 50 ndi ochepa, ndiye pano tikukhulupirira gulu la anthu 15? Pa anthu 15 munthu mmodzi amasuntha nambala ndi 7, mwinanso 13.

MayiWaMasamu
Mwafunsa bwino, ndipo +58 ndi +60 zija tisazitenge ngati umboni wakuti zinthu zili chimodzimodzi ndendende. Zimene tinganene n'zakuti palibe chizindikiro cha kutsika m'gulu lililonse, ndipo kasakanizidwe kokha kakukwanira kufotokoza 18 yense uja. Koma phatikizani maulendo awiriwa, gulu ndi gulu, muone chinthu cholimba. Oikiridwa yatsopano onse ndi 55: oyamikira 36, odandaula 4, NPS +58. Okonzeredwa nawonso ndi 55: oyamikira 19, odandaula 16, NPS pafupifupi +5. Kusiyana kwake n'koposa 50, pamene mwayi chabe ukanabweretsa kusiyana kwa pafupifupi 27. Kumeneku ndiye kusiyana koti munthu angaimepo. Vuto la kampaniyi silinayambe mu Julayi. Lili ku ntchito yokonza, ndipo linalipo kale mu Epulo, kungoti linabisika m'kati mwa +40.

AkauntantiWaBoma
Ndiye abwana sanalakwe kwenikweni. Amene amakonza ndi amisiri omwewo.

MmisiriWaLimbuli
Ayi akulu, pamenepo mwalumpha. Onani 84 uja. Funso limenelo likufunsa za mmisiri, ndipo anthu akuti akhutira. Funso la 0 mpaka 10 likufunsa za kampani yonse: amene amayankha foni ku ofesi, masiku odikira, mtengo wa batire, ngati chitsimikizo cha katundu chinalemekezedwa. Kasitomala akhoza kunena kuti mnyamata amene anabwera ndi waulemu ndipo wakonza bwino, koma mlamu wanga sindingamutumize kumeneko chifukwa ndinakhala mumdima masiku 9. Mayankho awiriwa sakutsutsana. Mmisiri sasankha yekha tsiku lopita ku Makwasa, amadikira njinga yamoto, mafuta ndi chipangizo chochokera ku Limbe.

WakuBvumbwe
84 ameneyonso musamudalire. Pa 1 mpaka 5 anthu amangodina 4 kuti athane nazo.

Sapitwa3002
Apa a WakuBvumbwe akunena zoona pang'ono. Funso la kukhutira limatuluka lokwera pafupifupi kulikonse, chifukwa 4 ndi yankho la munthu amene alibe dandaulo komanso alibe chimwemwe. Munthu yemweyo pa funso linalo apereka 7 kapena 8. Ndiye 84 sakutanthauza kuti amisiri ndi angwiro. Koma 8 otsala aja, amene apereka 3 kutsika, aoneni kuti ndi a mmisiri mmodzi kapena amwazikana. Akakhala 6 mwa 8 a munthu mmodzi, ndi nkhani yokhala naye pansi. Akamwazikana, si nkhani ya munthu.

Chofunika kwambiri tsopano si nambala. Pansi pa funso la 0 mpaka 10 payenera kukhala funso lakuti "Chifukwa chiyani mwapereka nambala imeneyi?" Ngati lilipo, tengani odandaula 16 a gulu lokonzeredwa, muwerenge zimene analemba mmodzimmodzi, muike m'milu: kudikira, mtengo, vuto kubwereranso, khalidwe la mmisiri. Anthu 16 ndi ntchito ya theka la ola.

MlembiWaLuchenza
Funsolo lilipo. Mwa 16 aja, 9 alemba za kudikira, monga "ndinaimba kanayi" ndi "munati mubwera Lolemba". Atatu alemba za mtengo wa batire. Atatu sanalembe kanthu. Wotsalayo wandidabwitsa: wapereka 1 koma walemba kuti "ntchito yabwino kwambiri, pitirizani". Ndapezanso wina wotere kwa oikiridwa yatsopano, ndi yekha uja wodandaula wa mu Julayi. Onse awiri ndi a Julayi.

MphunzitsiWopuma
Zimenezo sizodabwitsa mwana wanga. Kusukulu mwana wokhoza bwino amakhala nambala 1. Chimanga chabwino, fodya wabwino, timati nambala wani. Munthu amene wangopatsidwa manambala popanda mawu adzaganiza kuti 1 ndiye pamwamba. Nthawi ya mapepala mmisiri ankafotokoza pakamwa, pa linki palibe womufotokozera. Palinso china cha kusukulu komweko: 6 pa 10 ndi kukhoza. Bambo amene wapereka 6 m'mutu mwake wakupatsani mphoto, pamene fomu yamuika m'gulu la odandaula. Enanso amati 10 ndi ya Mulungu yekha, munthu amalekezera pa 8.

Pa fomu lembani mawu kumapeto onse awiri, pa 0 "sindingamuuze n'komwe", pa 10 "ndingamuuze ndithu". Ndipo musanatumize kwa onse, yesani pa anthu khumi, akulu ndi achinyamata, ena olankhula Chilomwe kunyumba, muwafunse kuti funsolo alimva bwanji. Mawu oti "kulimbikitsa" ena amawamva ngati kukakamiza, ndipo munthu sangafune kukakamiza m'bale wake kuwononga ndalama. "Mungamuuze mnzanu kuti apite kumeneko" amamveka msanga.

AkauntantiWaBoma
Ndiye awiriwo asinthidwe akhale 10. Oyamikira akhala 24, odandaula 9, NPS +30.

MayiWaMasamu
Ayi, chonde musasinthe yankho la munthu ndi dzanja lanu. Lero musintha 1 kukhala 10 chifukwa mawu ake ndi okoma. Nanga amene wapereka 10 n'kulemba zodandaula mumutsitsa? Ambiri satero, amangokonza zowakomera. Njira zoyenera ndi ziwiri. Muwaimbire awiriwo, muwafunsenso funsolo mofotokoza bwino, mulembe yankho latsopano ndi tsiku lake. Kapena muwachotse n'kulemba poyera kuti mwachotsa awiri ndi chifukwa chake. Mukachotsa atsala 48, oyamikira 22, odandaula 9, NPS +27. Lamulo limene musankhe lilembedwe ndipo ligwirenso pa mapepala a Epulo.

AkauntantiWaBoma
Ine ndikuonabe kuti munthu akalemba "ntchito yabwino kwambiri" wanena kale maganizo ake. Kumuimbira n'kuwononga mayunitsi.

MayiWaMasamu
Wanena kuti wasangalala, sananene ngati ndi 8 kapena 10, ndipo pa NPS ziwirizi sizifanana. Onani kuti anthu awiri okha atipatsa +22, +27 ndi +30.

NanaziWaChitakale
Funso langa ndi lina. Kodi +22 payokha ndi yabwino kapena yoipa? Ndimaona pa intaneti makampani akunja akulengeza 60, 70.

Sapitwa3002
Musayerekeze. Funsoli analitchukitsa ndi Fred Reichheld wa ku Bain & Company m'chaka cha 2003, pogwiritsa ntchito makampani a ku America, ndipo malire a 6 ndi 9 aja anachokera ku mayankho a anthu a kumeneko. Anthu a mayiko osiyana sagwiritsa ntchito manambala mofanana, monga a MphunzitsiWopuma afotokozera. Kampani imene ikulengeza 70 siikuuzani kuti inafunsa ndani, liti, ndiponso angati anakana kuyankha. Mwaona nokha kuti kampani imodzi yomweyi ili ndi +58 ndi +5 nthawi imodzi. Komanso ofufuza ena m'chaka cha 2007 anayesa mawu oti NPS imalosera kukula kwa kampani kuposa mafunso ena a kukhutira, ndipo sanapeze kuti imaposa. Ndi chida chothandiza podziyerekeza wekha ndi mmene unalili, funso likakhala lomwelo, njira yomweyo, nyengo yomweyo.

WakuBvumbwe
Ndiye bwanji osangoisiya? Funsani anthu atsopano kuti anamva kwa ndani za kampani. Amene wabwera chifukwa chouzidwa ndi mnzake ndiye umboni weniweni, osati lonjezo la pa fomu.

Sapitwa3002
Limenelo ndi funso labwino kwambiri ndipo liikidwe pa kadi la ntchito iliyonse yatsopano. Kunena kuti ndingamuuze mnzanga ndi kumuuzadi n'zosiyana. Koma limakuuzani za osangalala okha. Amene akuletsa anzawo kumsika wa Luchenza simudzawaona pa kadi, chifukwa woletsedwayo safika pa ofesi. Ine ndingasunge onse awiri.

WakuBvumbwe
Ine ndingasunge limodzi langali. Kampani yaing'ono ilibe munthu wowerenga zonsezi.

MmisiriWaLimbuli
Za bonasi ndinenepo. Tsiku limene mudzamangirire ndalama ya mmisiri ku nambala imeneyi, nambalayo yafa. Adzayamba kuuza kasitomala kuti "akakutumizirani uthenga mundipatse 10, apo ayi andidula". Nambala za foni za makasitomala ovuta zidzayamba kulembedwa molakwika pa kadi. Ntchito zovuta za kutali aliyense azidzazithawa, kukanganirana zoika zatsopano za pafupi. NPS idzakwera, mdima m'midzi uli pomwepo. Zizindikiro zake n'zosavuta: ma 10 ochuluka opanda mawu alionse pansi, ndiponso mmisiri mmodzi amene makasitomala ake ambiri "foni sikupezeka". Ngati mukufuna poyezera mmisiri, yezani ntchito zimene zabwereranso ndi vuto lomwelo pasanathe masiku 30. Chimenecho chili m'manja mwake.

AkauntantiWaBoma
Koma popanda ndalama amisiri sasamala za kafukufuku.

MmisiriWaLimbuli
Asamale za waya ndi mafyuzi. Kafukufuku asamale a ku ofesi.

MayiWaMasamu
Achemwali, kanthu kena kakang'ono koti muone mu fayilo yanu. Ngati mayankho ali mu B2 mpaka B51, fomula ndi iyi:

```
=(COUNTIF(B2:B51,">=9")-COUNTIF(B2:B51,"<=6"))/COUNT(B2:B51)*100
```

Amene sanayankhe funsolo malo ake akhale opanda kanthu. Wina akalembapo 0 pofuna kudzaza mpata, fomula imuwerenga ngati wodandaula woopsa. Sanjani mayankho kuyambira ang'ono, muone ma 0 onse ngati ali ndi mawu pambali.

Sapitwa3002
Pa Lachisanu ndingapite ndi tsamba limodzi. Pamwamba magulu awiri aja, chiwerengero cha anthu chili pambali pa nambala iliyonse. Pansi mawu a anthu 9 odikira aja monga analembera. Ndipo pa makadi 35 a okonzeredwa a Julayi, lembani tsiku limene anaimba ndi tsiku limene mmisiri anafika, muone ngati odandaula ndi amene anadikira kwambiri. Chenjezo langa n'lakuti ngakhale zitagwirizana, musafulumire kunena kuti kudikira kokha ndiye gwero. Odikira nthawi yaitali kawirikawiri ndi akutali, ndipo mwina ndi omwewonso ali ndi masola akale ofuna batire yodula. Lembani dera ndi zaka za sola pambali kuti muone ngati zikuyendera limodzi.

Ulendo wa Okutobala, tengani makadi onse a ntchito, musankhe lachitatu lililonse, munthu wa ku ofesi amene sanapite kukagwira ntchitoyo aimbe foni. Osapezeka ayesedwe katatu, masiku osiyana, kamodzi madzulo anthu ataweruka kumunda ndi ku tiyi. Mayankho 50 opezeka motero ndi odalirika kuposa 100 odzibweretsa okha. Koma dziwani kuti imeneyo ikhala sikelo yachitatu, ndiye kuyerekeza kuyambire pamenepo.

MphunzitsiWopuma
Woimbayo asayambe ndi "tikukhulupirira kuti mwasangalala". Anene dzina la kampani, anene kuti mmisiri sadzaona yankho, afunse, akhale chete.

MlembiWaLuchenza
Zikomo nonse. Ma 0 ndawaona, alipo awiri ndipo onse ali ndi mawu, si odzazira. Awiri a nambala 1 aja ndawaimbira: mmodzi wati 10, winayo foni yake sikulowa, ndiyesanso mawa. Makadi 35 ndayamba, koma 11 mwa iwo alibe tsiku limene kasitomala anaimba, pali tsiku lofika mmisiri lokha. Kodi ndiwerenge 24 okhawo, kapena ndifufuze masikuwo mu foni ya ku ofesi?

Sapitwa3002
Fufuzani mu foni ndi m'mauthenga a WhatsApp. Makadi osalembedwa tsiku nthawi zambiri ndi amene anagona pa tebulo nthawi yaitali, ndiye mukawasiya masiku odikira aoneka ochepa kuposa mmene alili. Amene simuwapeza muwalembe padera kuti tsiku silikudziwika, ndipo muone kuti mwa odandaula 10 aja angati ali m'gulu limenelo.